Bakapu ya katuni ya miyezi isanu: fulashi, Google Drive, Git kapena restic, ikupulumutseni ndi iti mukaononga fayilo nokha?

Anthu ambiri tikamakamba za bakapu timaganiza za kompyuta kufa, kapena magetsi kuthima uli mkati mwa ntchito. Zimenezo zimachitika ndithu, koma chimene chinandilaza ndi njala ine sichinali chimenecho ayi. Kompyuta inali bwinobwino, diski inali bwinobwino, bakapu ndinali nayo, iwiri kumene. Fayilo ndinaiononga ndekha ndi manja angawa, ndikuseva, ndipo bakapu yanga mokhulupirika inakopa zoonongekazo n'kufufuta zabwino zija.

Ndifotokoze kaye mmene zinalili kuti tikamayerekeza njirazi mudziwe kuti ndikuyeza ndi chani. Ndimapanga katuni ya mphindi 7 mu Blender, pulogalamu yopangira makatuni, mashoti 38, ine ndi mnzanga mmodzi yemwe amapanga nyumba ndi mitengo yakumbuyo. Munthu wamkulu mu katuniyo ndi agogo ena ake, ndipo agogowo amakhala mu fayilo yawoyawo, agogo.blend, shoti iliyonse imangowakoka kuchokera mmenemo ndi Link. Ndi mmene zimayenera kukhalira, ukakonza mpango wa agogo kamodzi umakonzeka mmashoti onse. Koma ukaononga kamodzinso ndiye waononga onse.

Lachiwiri lina ndinati ndikonze rigi ya agogo, mafupa oyendetsera thupi lawo, yomwe imaoneka yauve. Ndinasintha maina a mafupa ambirimbiri nthawi imodzi ndi Batch Rename, ndinachotsa timafupa tina tothandizira tomwe ndimaona ngati tilibe ntchito, ndikuseva, mwina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi tsiku lomwelo. Kenako ndinapita kukalimbana ndi mawu, masiku 9 osatsegula shoti ina iliyonse. Nditatsegula shoti 12 ndinapeza agogo akuyenda manja atatambasula ngati choopsezera mbalame mmunda, miyendo yokha ndi imene ikugwira ntchito. Chifukwa chake ndi chakuti animeshoni imene ili mu shoti imafuna fupa potchula dzina lake, ukasintha dzinalo mu fayilo ina shotiyo siimva, imangofunafuna dzina lakale osalipeza. Mukatsegula Graph Editor mupeza mizere ya mafupawo yadulidwa mzere wofiira kunsi, ndicho chizindikiro chake. Mashoti 20 omwe ndinali nditamaliza onse anali choncho.

Ndiye funso limene ndimafunsa njira iliyonse pano si lakuti "kodi imasunga?" koma lakuti, kodi ingandibweze mmbuyo masiku angati, ndipo ikandibweza ndipeza fayilo imodzi yokha kapena pulojekiti yonse mmene inalili tsiku limenelo.

Zimene Blender imakusungira yokha

Izi ndi zaulere ndipo zilipo kale, koma anthu amazidalira mopitirira muyezo. Pali zitatu ndipo timakonda kuzisokoneza.

Auto Save imaseva kope pa mphindi 2 zilizonse ngati simunasinthe, ndipo imaika mu foda ya zosakhalitsa ya kompyuta, osati pamene pali pulojekiti yanu. Pulogalamu ikakirasha kapena magetsi akapita mumatsegula File > Recover > Auto Save, kusankha yatsopano poona nthawi, kenako nthawi yomweyo Save As ndi dzina lina. Pa ngozi ya mtundu umenewu palibe yoiposa, mumataya mphindi ziwiri basi. Vuto lake foda imeneyo ndi ya zinyalala, pa Linux ndi /tmp yomwe kawirikawiri imasesedwa kompyuta ikayakanso, pa Windows ndi %TEMP% yomwe mapulogalamu otsuka diski amayamba kusesa imeneyo. Pitani ku Preferences > File Paths > Temporary Files muikepo foda yanu yomwe palibe azikasesako. Ina ija, Recover > Last Session, imatsegula quit.blend, ndipo imeneyi imalembedwa mukatseka pulogalamu bwinobwino, ndi ya munthu amene wadina kusaseva mwangozi potuluka. Pulogalamu ikagwa yokha musayembekeze kuti mupezamo zalero.

Yachitatu ndi fayilo ya .blend1 imene imamera pambali pa fayilo yanu, ena amaidilita poyesa ndi vairasi. Imeneyo ndi fayilo yanu mmene inalili musanaseve komaliza. Kuti muitsegule ingosinthani mchira wake ukhale .blend. Koma mwachibadwa imasunga sitepe imodzi yokha, ndiye ine amene ndinaseva kangapo Lachiwiri lija .blend1 yanga inali yoonongeka kale. Mu Preferences > Save & Load muli Save Versions, mutha kukweza kufika 32, ine ndinaika 5. Zimathandiza pa zolakwa za lero lomwe. Za sabata yatha iwalani, chifukwa ngati chala chanu chinazolowera Ctrl+S ngati changa, zisanuzo zimatha ola lisanakwane. Ndipo zonsezi zili pa diski imodzi ndi ntchito yanu, laputopu ikabedwa zapita limodzi.

Manambala pa dzina la fayilo

Njira yachikale, sh012_v001.blend, sh012_v002.blend, kumapita choncho. Imaoneka yachimidzi koma pa mashoti ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa siifuna pulogalamu ina, siifuna intaneti, ndipo mnzako akatsegula foda amamva yekha popanda kumuphunzitsa. Blender yatsopano ili ndi File > Save Incremental yomwe imakweza nambala yokha, mu zakale pa windo la Save As pali kabatani ka + pafupi ndi dzina. Ine ndimakweza nambala mmawa uliwonse ndikamayamba, komanso ndisanachite chinthu choopsa monga kufufuta makiyi ambiri. Ikani manambala atatu, 001, osati 1, apo bii mu mapulogalamu ena v10 izikhala pamwamba pa v2 mu foda ndipo tsiku lina mutsegula yolakwika. Za final, final2, final_yeniyeni, final_yeniyeni_iyi tonse tinadutsamo, sindikambapo.

Malo sadya kwambiri ngati mukugwiritsa ntchito Link. Mashoti anga amakhala cha mma 25 MB iliyonse, ndiye mashoti 38, iliyonse mavezhoni 12, ndi 11 GB ndi pang'ono. Si zoopsa.

Koma pali msampha umene unandigwira ine. Fayilo ya agogo sungaisinthe dzina, chifukwa mashoti onse akufuna agogo.blend, ukaitcha agogo_v015.blend mashoti aja apitiriza kukoka yakale kapena asowa chokoka. Ndiye chifukwa cha chimenechi ndinkangoseva pamwamba pa fayilo yomweyo miyezi yonse, fayilo yofunika kuposa onse mu pulojekiti ndi imene inalibe mbiri. Mankhwala ake ndi kukhala ndi mitundu iwiri. Ntchito umagwirira mu foda ya wip, ya zinthu zosatha, mmene muli agogo_v014.blend, agogo_v015.blend. Ukakhutira, umatsegula shoti imodzi kapena ziwiri zoyesera, zikayenda bwino ndi pamene umakopa vezhoni imeneyo kukaiika mu foda ina ya pub pa dzina losasintha lija agogo.blend. Zikadzavuta mawa umangotenga v014 kuikanso pa dzina lomwelo, mashoti onse achira nthawi imodzi. Mungosamala kuti mafoda awiriwo akhale ozama mofanana, monga anthu/wip ndi anthu/pub, kuti njira zopita ku matekisicha zisasokonekere pokopa.

Pomwepa nditchuleko za pinki. Mukatsegula fayilo yochokera mu bakapu n'kupeza khoma, nsalu, nkhope zonse zili pinki wowala, ndiye kuti fayilo inabwera koma zithunzi zake zinatsala, mwina zinali pa Desktop kapena mu Downloads. Chilichonse cha pulojekiti chikhale pansi pa foda imodzi, kenako File > External Data > Make Paths Relative, ndipo Report Missing Files ikuuzani zimene zikusowa tsiku loipa lisanafike.

Fulashi ndi diski yakunja

Apa ndi pamene ndinapusitsika. Ndinali ndi hadi diski yakunja ya 1 TB ndipo madzulo alionse ndimayendetsa lamulo ili ndikudziona ngati katswiri:

```
robocopy D:\katuni E:\katuni /MIR
```

/MIR imeneyo imapangitsa kuti kwa E kufanane ndendende ndi kwa D. Chimene wasintha kuno chisinthika uko, chimene wadilita kuno chidilitika uko. Ndi galasi loyang'anira, si nkhokwe. Diski ya mu laputopu ikafa ndi yabwino zedi, mupeza zonse za dzulo. Koma pa mlandu wanga inakopa agogo othyoka aja usiku womwewo wa Lachiwiri, masiku 9 ikungotsimikiza. Mu FreeFileSync njira ya Mirror imachita chimodzimodzi pokhapokha mutayatsa Versioning kuti mafayilo olowedwa mmalo azikaikidwa mu foda ina, ndipo rsync yokhala ndi --delete nayonso ndi yomweyo.

Kukonza kwake ndi kophweka mochititsa manyazi, kukopera mu foda yatsopano ya deti nthawi iliyonse:

```
robocopy D:\katuni E:\bakapu\06-14 /E /XD render cache
```

Mwina mukuti aa diski idzadza. Tiwerengere. Zopanga ndi manja zanga zonse, mashoti atsopano cha mma 1 GB, anthu ndi malo 1.5 GB, matekisicha 2 GB, mawu theka la GB, zikukwana 5 GB. Mukaphatikiza mavezhoni akale a mashoti tinene 15 GB pofika kumapeto. Kukopa kawiri pa sabata kwa miyezi isanu ndi maulendo cha mma 40, kuchulukitsa ndi 15 ndi 600 GB, ndipo kumayambiriro foda imakhala yaing'ono kuposa apo. Zikukwana mu 1 TB popanda kudilita kanthu. Chimene chimadzazitsa diski si ntchito yanu koma marenda, ndi chifukwa chake pali /XD render cache apopo.

Marendawo ndiwakambe pang'ono chifukwa anthu amati "asiyeni, mudzarendanso". Mphindi 7 pa mafulemu 24 pa sekondi ndi mafulemu 10,080. PNG iliyonse kwa ine imakhala cha mma 3 MB, zonse 30 GB. Laputopu yanga imatenga masekondi 40 pa fulemu, ndiye kurendanso zonse ndi maola 112, pafupifupi masiku asanu usana ndi usiku magetsi osathima, zomwe kwathu kuno ndi maloto. Ndiye marenda oyesera atayeni, koma shoti ikavomerezedwa mafulemu ake akopeni kamodzi pa diski yakunja, kamodzi basi, safuna mbiri. Ndipo chonde musamarende molunjika ku mp4. Magetsi akathima pa fulemu 900 mwa 1,000 vidiyo imeneyo kawirikawiri siitsegukanso, pomwe ndi PNG mumangochotsa chizindikiro pa Overwrite, kudilita fulemu yomaliza yomwe mwina inalembeka theka, ndikupitiriza pamene inalekera. Onaninso kuti Output sikuloza ku /tmp/ komwe imaloza mukangoyamba fayilo yatsopano.

Fulashi yokha ngati bakapu sindiikhulupirira. Ndi yonyamulira. Zambiri zimabwera ndi FAT32 yomwe imakana fayilo yoposa 4 GB, muifomate kukhala exFAT. Palinso zabodza zomwe zimalemba 128 GB pomwe mkati ndi zazing'ono, zimalandira mafayilo mwaulemu, maina akuoneka, koma ukatsegula mulibe kanthu. Kapulogalamu ka H2testw kamadzaza fulashi yonse ndikuwerenganso, mukagula yatsopano yesani musanaikemo ntchito. Hadi diski ya mbale zozungulira ija imachenjeza ikamadwala, kulira tiki tiki, kukopa kumaima pa fayilo imodzi, ndipo mu CrystalDiskInfo mukaona Caution pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count samutsani katundu lero lomwe. SSD ndi yachangu komanso siiopa kugwedezeka mu minibasi, koma ikamafa nthawi zambiri siitsanzika, ndipo chimene mwadilita pa SSD ya mkati kuchibweza ndi Recuva ndi mwayi chabe chifukwa cha TRIM, yomwe imachititsa SSD kufufutiratu zodilitidwa. Chomaliza, mukamaliza kukopa izuleni. Diski yokhala pa waya nthawi zonse imapsa limodzi ndi kompyuta magetsi akabwera ndi ukali, vairasi yotseka mafayilo nayo imalowa momwemo. Komanso kuisunga mu chikwama chimodzi ndi laputopu ndi kumupatsa wakuba banyira.

Google Drive, Dropbox ndi anzawo

Ubwino wake waukulu ndi umodzi ndipo palibe njira ina pamwambapa ili nawo, ntchito ili kunja kwa nyumba yanu. Moto, akuba, denga kudontha, sizikuikhudza. Ndi chimene lamulo lija la 3-2-1 limanena, makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina.

Mbiri ilinso nayo koma ndi yaifupi. Google Drive imasunga mavezhoni akale a fayilo masiku 30 kapena mavezhoni 100, mumawapeza pa Manage versions, ndipo amene mukufuna asachoke mumadina Keep forever. Dropbox yaulere nayo ndi masiku 30. Kwa fayilo imodzi ngati ya agogo zimenezi ndi zokwanira. Koma mukafuna pulojekiti yonse mmene inalili pa 5 mwezi watha, rigi, malo, matekisicha zogwirizana, mudzabweza fayilo imodziimodzi mpaka kutukwana. Malo aulere ndi 15 GB ku Google, omwe mukugawana ndi Gmail ndi zithunzi zanu, 2 GB ku Dropbox, 5 GB ku OneDrive.

Nkhani yanga apa ndi yoseketsa. Ine ndi umbuli wanga ndinasinka foda yonse pamodzi ndi marenda, malo anadzadza, kusinka kunaima masabata atatu mmbuyomo, kachenjezo kamatuluka ine kumangokatseka. Ndiye kope la agogo limene linali kumeneko linali lakale ndi masabata atatu, ndipo ndi lomwelo linandipulumutsa, chifukwa choti silinalandire zatsopano. Ndinatenga rigi yakaleyo, mashoti 20 aja anachira, koma ntchito yonse ya nkhope, kumwetulira, kutafuna, kutsinzina, yomwe ndinapanga mmasabata atatuwo ndinaibwereza, masiku anayi. Kupulumuka mwangozi choncho si njira.

Zina ziwiri. Musamagwirire ntchito mkati mwa foda yosinka ngati muli pa bandulo, Ctrl+S iliyonse pa fayilo ya 200 MB ndi katundu wokwera kumwamba, kuphatikizapo .blend1 yake, bandulo ya mwezi imatha Lachitatu. Ndipo ngati muli awiri, nonse mukatsegula fayilo imodzi wina ali kopanda netiweki, pamatuluka makope awiri, Dropbox imalemba conflicted copy pa dzina, ndipo mafayilo a .blend awiri sungawaphatikize ngati mmene amachitira ndi zolemba. Wina ntchito yake ya tsikulo ibwerezedwa basi. Ine pano kumwambako kumapita zopanga ndi manja zokha, kamodzi pa sabata, usiku.

Git ndi SVN

Anzathu a mapulogalamu akamva nkhani ngati yangayi amayankha msanga, bwanji osangoika pa Git. Maganizo ake ndi olondola, chifukwa izi ndi zimene zinapangidwira funso langa lija, kubweza pulojekiti yonse pa tsiku lakuti, ndi kamawu kofotokoza kuti unasintha chani. Koma Git inapangidwira zolemba. Fayilo ya .blend siingakuonetse kuti chasintha ndi mzere uti, siingaphatikize ntchito ya anthu awiri, ndipo nkhokwe yake imanenepa msanga. GitHub imakana fayilo yoposa 100 MB. Pamafunika Git LFS, chowonjezera chosungira mafayilo aakulu:

```
git lfs install
git lfs track "*.blend" "*.png" "*.wav"
```

Imagwira ntchito, koma LFS imasunga fayilo yathunthu pa vezhoni iliyonse, ndiye fayilo ya msika ya 300 MB mukaikomita ka 10 ndi 3 GB yokwera pa bandulo yanu, ndipo malo aulere ali ndi malire. Ndinayesa masabata awiri. Ine ndinazolowera, mnzanga wa mitengo uja anakumana ndi uthenga wa conflict kamodzi n'kundiuza kuti man ine ndimajambula, izi zanuzi ayi.

SVN nayo imasunga mbiri ya mafayilo ngati Git, ndi yakale ndipo achinyamata amainyoza, koma pa katuni ikuposa Git. Blender Studio ya ku Amsterdam yakhala ikusungira mafilimu ake mu SVN. Ili ndi loko, ukatenga agogo.blend umaikhoma, mnzako akafuna kutumiza zosintha zake pa fayilo yomweyo imamukana mpaka utatsegula. Utha kutenga foda imodzi yokha osati pulojekiti yonse ndi mbiri yake. Pa Windows pali TortoiseSVN yomwe imakhala pa kudina kumanja, wojambula amaiphunzira tsiku limodzi. Mtengo wake ndi wakuti pamafunika kompyuta imodzi yokhala ngati likulu, ndipo aliyense amataya malo pafupifupi kawiri chifukwa imasunga kope lobisika la fayilo iliyonse. Komanso likululo nalo limafuna bakapu, SVN pa diski imodzi ndi mbiri yabwino yomwe ingafe tsiku limodzi. Mukakhala atatu kupita mtsogolo mu chipinda chimodzi, ndingakuuzeni SVN mosakayika. Munthu mmodzi kapena awiri, ndi katundu wolemera.

restic, imene ndinakhazikikapo

Iyi ndi ya bakapu osati yogawana ntchito. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo ulendo uliwonse imajambula foda yonse mmene ilili. Nzeru yake ndi yakuti imadula mafayilo mzidutswa ndikusunga chidutswa chilichonse kamodzi kokha, ndiye matekisicha a 2 GB omwe sanasinthe sakopedwanso. Ulendo woyamba ndi wautali, otsatirawo kwa ine amatha ndisanamalize kuwiritsa tiyi.

```
restic -r E:\nkhokwe init
restic -r E:\nkhokwe backup D:\katuni --exclude render --exclude cache
restic -r E:\nkhokwe snapshots
```

Lamulo lachitatulo limakuonetsani mndandanda wa masiku, lililonse ndi kanambala kake. Ndikanakhala nayo nthawi ija, ndikanangoyang'ana la Lolemba, tsiku limodzi ndisanaononge, ndikulemba:

```
restic -r E:\nkhokwe restore 4f2a91c3 --target D:\mayeso --include agogo.blend
```

Nkhope yonse ikanakhalamo, ntchito ya masiku anayi ikanakhala ya mphindi zisanu. Onani kuti ndikubwezera mu foda ina, D:\mayeso, osati pamwamba pa ntchito, muyambe mwatsegula kuona kuti ndi yomweyo mukuifuna.

Zovuta zake ndizinene. Ndi ya malamulo olemba, ilibe mabatani. Mukatsegula E:\nkhokwe simupezamo mafayilo anu koma zidutswa za maina osamveka, ndipo zonse ndi zokhoma ndi pasiwedi, mukaiwala pasiwediyo palibe angakutsegulireni, ngakhale amene anaipanga. Yanga ndinailemba mu kope la pepala. Mafayilo a .blend osevedwa ndi Compress nawo amachepetsa phindu la zidutswa lija, chifukwa kusintha pang'ono kumatha kusintha mbali yaikulu ya fayilo. Ngati malamulo akukuopsani, mafoda a deti aja kapena FreeFileSync ndi Versioning zikupatsani pafupifupi zomwezo, kungoti zidya malo ambiri. A Mac muli ndi Time Machine kale, ingoyatsani.

Kwa ine ndiye zinathera apa. Manambala pa mashoti ndi pa wip ya anthu, tsiku lililonse. restic ku diski yakunja madzulo alionse, kenako kuizula. Diski yachiwiri imakhala kwa achemwali anga, Loweruka ndimapita nayo iyi ndikubwera ndi inayo. Kumwamba kumapita zopanga ndi manja zokha. Wina ali ndi intaneti yosawerengera atha kuloza restic yomweyo kumwamba n'kusiya zoyenda ndi diski.

Kuyesa ngati ikubwerera

Njira zonsezi zili ndi bodza limodzi lofanana, zimatha kuoneka ngati zikuyenda pomwe zinaima kale, ngati mmene kusinka kwanga kunaimira masabata atatu. Sizigwera ife tokha. Mu 1998 ku Pixar wina anayendetsa lamulo lodilita pa mafayilo a Toy Story 2, mbali yaikulu ya filimuyo inapita, atathamangira ku bakapu anapeza kuti inali isakugwira bwino ntchito. Chinawapulumutsa ndi kompyuta ya Galyn Susman, yemwe ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi mwana wakhanda ndipo anali ndi kope lake.

Mayeso anga ndi awa, kumayambiriro kwa mwezi. Ndimayendetsa restic check, kenako ndimabweza pulojekiti yonse mu foda yatsopano. Foda yeniyeni ija ndimaisintha dzina kaye kukhala katuni_x, chifukwa ukapanda kutero fayilo yobwezedwayo imatha kumakoka matekisicha ku foda yakale mwakachetechete iwe n'kumati zonse zilipo. Ndiye ndimatsegula mashoti atatu, yoyamba, yapakati, ndi imene ndagwira dzulo, Report Missing Files, ndikurenda fulemu imodzi pa iliyonse. Ulendo woyamba nditachita zimenezi shoti 31 inatuluka ndi chitenje cha pinki, ndipo mawu a tambala munalibe. Zonse ziwiri zinali mu Downloads kuyambira mwezi wachiwiri wa pulojekiti, kunja kwa bakapu iliyonse imene ndinali nayo.